Kiyi Wachitatu wa a Guluu

Mukadzadutsa pakhonde la sitolo ya misomali ndi penti, kumanzere kwa chitseko mudzaona mayi wamfupi atakhala pa kampando ka matabwa, nsapato ili pabondo, ulusi uli pakamwa. Musadutse ngati mwadutsa chitsa. Amenewo ndi amayi anga aakulu, akulu awo a mayi anga, ndipo aliyense amawatchula a Guluu. Dzina lawo lenileni limangomveka kuchipatala akamaitana odwala.

Chimalizireni sukulu ndimakhala kwawo, ndipo nthawi ndili nayo yambiri kuposa mmene ndikuifunira. Nkhani iyi sindinangoitola panjira. Ndafunsa anthu anayi, aliyense payekha, ndipo pamene anasiyana ndatenga mawu a amene sankaseka pofotokoza.

Kusoka nsapato inali ntchito ya amuna awo. Atamwalira anasiya chikwama cha zida: singano zokhota, kanyundo, chitsulo chokhomerapo, ndi chitini cha guluu chotsala theka. Achibale anati zigulitsidwe. Iwo anangonyamula chikwamacho n'kukakhala pamalo pomwe pankakhala amuna awo. Nsapato yoyamba anaisoka mwamphamvu kwambiri moti anasokera pamodzi lilime ndi chapansi, mwini wake phazi osalowa. Anabwera akutukwana, koma anabweranso mwezi wotsatira, chifukwa nsapatoyo ataisokolola bwino sinang'ambikenso. Papita zaka khumi ndi zinayi tsopano. Zala zawo zinada, ndipo sopo anazilephera kalekale.

A Guluu ali m'gulu losunga ndi kubwereketsana ndalama la anthu makumi awiri ndi awiri. Amakumana Loweruka lililonse, 2 koloko masana, m'chipinda cha sukulu ya mkaka, akuluakulu athunthu atakhala pa timipando ta ana, maondo akufika pachibwano. Ndalama zawo zimakhala m'bokosi lachitsulo la maloko atatu. Wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale mmodzi. Makiyi amakhala ndi anthu atatu amene sali m'komiti, ndipo bokosi limatsegulidwa pamsonkhano pokha, onse akuona.

Kwa zaka zambiri a Guluu ndiwo anali katswiri wa chindapusa. Kasitomala ankabwera ola litakwana, nsapato ili m'manja, akuti mawa ali ndi ukwati, ndipo iwo kukana sankatha. Ankafika kumsonkhano thukuta lili kamukamu, ndalama ya kuchedwa ili kale m'manja. Anthu ankati mbale ya chindapusa ikawaona imaimirira kuwapatsa moni.

Ndiye wa kiyi wachitatu atasamuka zaka ziwiri zapitazo, bambo wina woumba njerwa n'kutchula dzina la a Guluu, chipinda chonse chinafa ndi phwete.

"Mukufuna tizitsegula bokosi dzuwa litalowa?" anatero wina.

"Sekani," anatero a Njerwa, poti ndi mmene amadziwikira. "Koma ndiuzeni wina muno amene mukudziwa kumene ali kuyambira Lolemba mpaka Loweruka. Awa ngakhale mwana angakulozereni."

Anawasankha mwa nthabwala, ena pofuna kuona mmene zithere. A Guluu atafika kunyumba anadula kachikopa pa nsapato yakale, nasokera kathumba ka kiyi kovala m'khosi. Chibadwire panali pasanapezeke munthu wowapatsa chinthu kuti amusungire. Kuyambira tsiku limenelo sanachedwenso. Ola likakwana amamusiya kasitomala atavala nsapato imodzi.

Za vidiyo zinabwera chonchi. Chaka cha gulu chikatha, agawana zonse, anthu atsopano amalowa. Olowa chaka chatha anavuta kwambiri. Akalakwa ankati, "Ife palibe anatiuza." Tsono chaka chino kunali anthu asanu ndi mmodzi ofuna kulowa, ndipo gulu linagwirizana zosonkha padera kuti pajambulidwe vidiyo yowalandira, yofotokoza malamulo ndi ntchito ya aliyense. Wojambula anapezeka, bambo wojambula maukwati amene anthu amangomuti Mwetulirani, chifukwa ndi mawu okhawo amene amatuluka pakamwa pake kamera ikakhala paphewa. Wolemba mawu anali a Mlembi a gulu, amene anagwirapo ntchito muofesi ndipo pano ali ndi kashopu ka fotokope.

A Mlembi si munthu woipa, ndinene msanga. Koma cholembera akachigwira samva za munthu. Anabwera ndi masamba khumi ndi limodzi, nati chinthucho dzina lake ndi sikiripiti. Anaimirira kuwerengera gulu:

"Chithunzi choyamba. Wapampando aimirira mwaulemerero. Anena kuti: Inu olemekezeka amene mwaganiza mwakuya zotsatira mapazi a bungwe lathu la mbiri yonunkhira, tikulandirani ndi manja awiri potengera ndime yachitatu, gawo lachiwiri, la malamulo oyendetsera…"

Pofika tsamba lachiwiri a Njerwa anali atayamba kuwodzera. Pa lachitatu amayi ena anati, "Tamva, a Mlembi, zili bwino, tigule masheya." Anthu anaomba m'manja kuti asiye. Chotero palibe anamva chithunzi chachisanu ndi chiwiri, chimene chinali pa tsamba lachisanu ndi chitatu. Palibenso anaganizapo kuti wojambula maukwati Loweruka sapezeka. Mwetulirani anati mpata ali nawo Lachiwiri lokha.

Lachiwirilo a Guluu anatsuka zala ndi parafini kwa ola lathunthu. A Mlembi anali atawauza kuti abwere ndi kiyi, ndipo a Guluu ankaganiza kuti angomuonetsa kukamera. Anavala diresi la kutchalitchi, nauyamba wa kushopu ya a Mlembi.

Kuchipinda chakumbuyo, pakati pa makatoni a mapepala ndi makina akale ofa, anapeza anthu asanu ndi mmodzi: a Mlembi, Amayi Tcheya, amene ndi wapampando wa gulu, wosunga bokosi, a makiyi awiri aja, ndi Mwetulirani ndi nyali yake yoyera. Patebulo panali nsalu yoyera, maluwa apulasitiki, ndi bokosi la gulu. Analibweretsa panjinga, atalikulunga m'thumba la simenti, kudutsa pakati pa msika. Maloko awiri anali lende, otsegula kale.

Dziwani kuti kunali kutatsala milungu itatu kuti agawane. Nthawi imeneyo ngongole zimakhala zitabwezedwa pafupifupi zonse, ndipo bokosi limakhala lodzaza kuposa nthawi ina iliyonse pachaka.

"Afika a nambala 3!" anatero Mwetulirani. "Mayi, imani apa. Mulowetsa kiyi, mupotokola pang'onopang'ono, muyang'ana kuno. Mwetulirani!"

A Guluu sanamwetulire. "Lero ndi lachingati?"

"Lachiwiri," anatero a Mlembi.

"Gulu lili kuti?"

"Mayi, uwu si msonkhano. Tikungojambula. Atsopano aja aone timabuku, chidindo, matumba a ndalama. Mphindi zisanu, titseka."

"Ndiye ndikuti, gulu lili kuti?"

Amayi Tcheya, amene amagulitsa nsalu ndipo mawu awo ndi ofewa ngati malonda awo, anawagwira paphewa. "Achemwali, pano pali wapampando, pali mlembi, pali wosunga bokosi. Mukutiyesa akuba?"

"Ayi, mayi. Nditakusiyirani mwana mungamulere bwino. Koma kiyi uyu simunandipatse ndinu. Anandipatsa anthu makumi awiri ndi mmodzi. Akabwera nditsegula."

Mwetulirani anayesa kuthandiza. Anati ali ndi sutikesi kunyumba, atha kumangirirapo maloko. A Mlembi anakana, ati atsopano ayenera kuona chenicheni. A Guluu anati ajambule bokosi lili chitsekere. A Mlembi anawaonetsa pepala: "Palembedwa kuti litsegulidwa. Palembedwa! Vidiyo yophunzitsa malamulo, inu mukuiimitsa chifukwa cha chiyani?"

"Chifukwa cha malamulo," anatero a Guluu.

Mwetulirani anandiuza kuti apa anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. A Mlembi sanaseke. Anati tsiku la wojambula lalipiridwa ndi thukuta la gulu, ndipo Loweruka gululo lidzamva amene wataya thukutalo. Anati kiyi si cholowa cha makolo. Mmene anaperekera ndi mmenenso angalandire.

A Guluu anadikira mpaka anzawo awiri aja atatseka maloko awo. Kenako anaiperekeza njinga wapansi, diresi la kutchalitchi lili m'fumbi, mpaka bokosi litalowa kumene limakhala.

Masiku atatu otsatirawo nkhani inayenda m'gulu, koma inayenda ndi mwendo umodzi. Anthu anangomva kuti a Guluu anakana kujambulidwa, wojambula wapita, ndalama yosonkha ija yapsa. Ena anati kiyi wawalowa m'mutu. Mayi wina wa m'gulumo anabwera kudzatenga nsapato yake isanasokedwe n'komwe. Kunyumba amayi aakulu ankangomwa tiyi wopanda kanthu. Nditawauza kuti akangopepesa zithe, anandiyang'ana ngati ndine chidendene chomatuka.

"Iwe unalemba mayeso angati?"

"Asanu ndi atatu."

"Onsewo sanakufunse kusiyana kwa Lachiwiri ndi Loweruka?"

Koma ndinawaona akutulutsa kathumba kaja, kukayang'ana, n'kukabwezeranso m'khosi. Ankadziwa kuti mwina akukavala komaliza.

Loweruka anthu onse anabwera, zimene sizichitikachitika. Atatha kuitana manambala a mamembala, bokosi lili patebulo chitsekere, a Mlembi anapempha kulankhula. Analankhula bwino, zoona. Anati mutu umodzi susenza denga, ndipo munthu mmodzi sangaimitse ntchito imene gulu lonse linavomereza. Anati malamulo amalola kuchotsa munthu paudindo ngati awiri mwa atatu alionse agwirizana, ndipo akupempha kuti kiyi wachitatu apite kwa wina. Mitu yambiri inagwedezeka kuvomera.

"A Guluu, muli ndi mawu?" anafunsa Amayi Tcheya.

Anaimirira. Ataimirira ndi atakhala pa kampando ka ana kutalika kwake sikusiyana kwenikweni.

"Ine kuyankhula sindidziwa. Ndingofunsa. Loweruka lapitali titatseka, maloko anali angati?"

"Atatu," anthu anayankha.

"Lachiwiri, m'chipinda cha fotokope, ndinapeza otseka ndi limodzi."

A Njerwa anadzuka pang'onopang'ono, kampando kakuwatsatira kumbuyo. "Pepani, makutu anga ndi a fumbi. M'chipinda cha chiyani?"

"Tinkangofuna kujambula za m'kati," anatero a Mlembi. "Zinalembedwa mu sikiripiti imene inu nomwe munaombera m'manja."

"Ine ndinaombera m'manja kuti mukhale pansi!" anatero a Njerwa. "Mukuti bokosi ili linatuluka? Linayenda bwanji?"

Wosunga bokosi anayankha nkhope ili pansi. "Panjinga."

"Kudzera kuti?"

"Pamsika."

"Mayo ine!" anakuwa mayi uja anatenga nsapato yosasoka, manja ali kumutu. "Malata anga anadutsa pamsika panjinga?"

Phokoso linabuka, ndipo Amayi Tcheya anamenya tebulo ndi chikhatho mpaka anthu anatonthola. A Mlembi anali atatuluka thukuta. Anafunsa ngati pali wina amene akuganiza kuti iwo, pa zaka zonse zimene agwira buku la gulu, angatenge kanthu.

"Palibe," anatero a Guluu. "Ine ndingakulumbirireni. Koma mverani. Ndisanabwere muno ndinali m'gulu lina. Wapampando wathu anaferedwa pakati pa mlungu. Anthu anayi anatsegula bokosi kuti amupatse thandizo la maliro, chifundo chokhachokha. Tsiku la msonkhano wina anati ndalama zaperewera. Wina anati ayi, munaiwala zimene tinatsekera. Mpaka lero ine ndimati palibe anaba. Koma panalibe munthu wonena kuti, ine ndinaona. Miyezi iwiri gulu linatha, ndipo pali anthu awiri apachibale amene sapatsana moni mpaka pano. Loko sikuti limangoletsa wakuba ayi. Limatetezanso wosaba. Ndikanatsegula Lachiwiri, lero kukanasowa kandalama kamodzi kokha, a Mlembi, mukanasamba ndi sopo wanji?"

A Mlembi anakhala pansi pa kampando kawo.

Pempho linali litaperekedwa, ndiye linayenera kuvoteredwa. Gulu lawo limavota ndi zitsekerero za mabotolo. Kuseri kwa bolodi la ana, pamene panali patalembedwa a e i o u, anaika zitini ziwiri, chofiira cha kulanda, chobiriwira cha kusiya. Aliyense analowa yekha, wina akugogoda tebulo kuti kulira kwa chitini kusamveke. A Guluu sanavote. Anakhala manja ali pamaondo, akuyang'ana chithunzi cha njovu pakhoma.

Anakhuthula chofiira. Munagwa zitsekerero ziwiri.

Anakhuthula chobiriwira. Zinagubuduka patebulo mpaka zina kugwera pansi, khumi ndi zisanu ndi zinayi.

Nthungululu zinamveka mpaka kuchigayo. A Njerwa anavina ndi kampando m'manja. Amayi Tcheya anadikira kuti zithe, kenako anati, "A makiyi, tsegulani." Woyamba anatsegula, wachiwiri anatsegula. A Guluu anavula kathumba kaja, napotokola kiyi, loko n'kuti khethe. Monga mwa masiku onse, anthu anafunsidwa kutchula zimene anatsekera mlungu watha, owerenga ndalama awiri anawerenga, ndipo zinafanana. Palibe anadabwa.

Gulu linagamula kuti onse amene anakhudzidwa ndi kutulutsa bokosi alipire chindapusa cha mtengo wa sheya imodzi. Amayi Tcheya ndiwo anayamba kuponya m'mbale, nati, "Wapampando akalakwa ndalama yake imalira chimodzimodzi." A Mlembi anaponya yawo, nalemba okha dzina lawo m'buku.

Lolemba m'mawa a Mlembi anatulukira pakhonde la sitolo, masamba aja ali m'khwapa, nsapato yakumanja itayasama.

"Ndabwera ndi odwala awiri," anatero. "Nsapato ndi sikiripiti."

"Vulani yoyambayo. Inayo werengani ndimve."

Anakhala pa chitini cha penti, phazi limodzi lili pa sokosi yobooka, nayamba: "Inu olemekezeka amene mwaganiza mwakuya…"

"Mukulankhula ndi ndani?"

"Ndi atsopano."

"Mmodzi mwa iwo ndi mtsikana wogulitsa mazira uja. Mukakumana naye panjira mumati inu olemekezeka?"

"Ndiye ndizitani?"

"Nenani mmene mungamuuzire mlongo wanu."

Anagwira ntchitoyo masiku atatu. A Mlembi akawerenga chiganizo, a Guluu akapitiriza kukhoma osadzutsa mutu, ndiye kuti chagwa. Akasiya nyundo, chakhoza. Nthawi zina ankakangana. A Mlembi anaumirira kuti za chiwongoladzanja zinenedwe ndendende, osazungulira, ndipo apa a Guluu anagonja, nati pa manambala mwini wake ndi mlembi. Masamba khumi ndi limodzi anatsala atatu. Ndawakopera apa ena mwa mawu ake, a Mlembi atandiloleza:

"Wapampando, atakhala pansi: Takulandirani. Muno tilibe bwana. Ndalama ndi zanu, malamulo tinapanga tokha, ndipo amaluma aliyense. Timakumana Loweruka 2 koloko. Mukachedwa, mbale iyi ikudikirani. Mukadwala tumizani uthenga.

"Mlembi, atanyamula kabuku: Aliyense ali ndi nambala ndi kabuku kake. Pamsonkhano uliwonse mumagula masheya, kuyambira imodzi mpaka asanu. Sheya iliyonse ndi chidindo chimodzi m'kabuku. Musachoke patebulo musanaone chidindo chanu.

"Wowerenga ndalama woyamba: Thumba ili ndi la mavuto. Tonse timaponya mofanana mlungu uliwonse. Limathandiza pa maliro, matenda, kapena nyumba ikapsa. Si la mpamba wa bizinesi.

"Wowerenga wachiwiri: Ngongole imapemphedwa pamaso pa onse. Simungatenge kuposa katatu ka zimene mwasunga. Mumabweza pasanathe miyezi itatu, ndi chiwongoladzanja cha mwezi uliwonse chimene tinagwirizana poyamba chaka. Musachidandaule, chimabwerera kwa inu nomwe tsiku logawana, aliyense molingana ndi masheya ake.

"Wosunga bokosi: Ine ndimasunga bokosi koma kiyi ndilibe. Kumene limakhala musauze munthu, ngakhale wa kunyumba kwanu. Tikamatseka, mlembi amalengeza zimene zatsala m'thumba lililonse. Ntchito yanu ndi kuzisunga m'mutu. Mlungu wamawa tidzakufunsani."

Pa chithunzi chomaliza a Mlembi analemba okha, osafunsa munthu: "Bokosi patebulo, maloko awiri otsegula, limodzi lotseka. Wa kiyi wachitatu alankhula. Mawu ake sanalembedwe."

Vuto la tsiku analithetsa mmene akanalithetsera poyamba. Gulu linavota kuitanitsa msonkhano wapadera Lachiwiri, mamembala onse alipo. Mwetulirani anabweranso osafuna malipiro ena, ati nkhaniyi yamupatsa zoseketsa anthu pamaukwati kwa chaka chathunthu. Anagwirizananso kuti vidiyoyo isatumizidwe pa mafoni, izioneredwa m'chipinda cha msonkhano basi, chifukwa nkhope za osunga makiyi si zoti zizingoyenda m'matumba a anthu.

Ulendo uno a Guluu sanatsuke zala. Anabwera kuchokera pantchito, epuloni ili m'chiuno. Mwetulirani atanena mawu ake aja, iwo anati, "Ndimwetulira ndikamaliza." Anayang'ana kamera ngati kasitomala amene akufuna kuchepetsa mtengo.

"Inu atsopano, mwaona maloko awa. Tsiku lina mwa inu mudzapezeka wogwira kiyi. Adzabwera munthu, osati wakuba ayi, munthu wabwino amene mumamulemekeza, ndi chifukwa chabwino. Adzati mphindi zisanu zokha. Mudzachita manyazi. Chitani manyaziwo, sapha munthu. Mumufunse funso limodzi: gulu lili kuti? Likakhala palibe, bwererani kuntchito kwanu. Ndatha. Ndimwetulire tsopano?"

Kuseka kwa anthu makumi awiri ndi mmodzi kunalowa m'vidiyo, ndipo Mwetulirani anakusiya momwemo.

Atagawana, chaka chatsopano chinayamba. Atsopano asanu ndi mmodzi aja anaionera pa laputopu ya a Mlembi, ena atatu akale atatsanzika, gulu n'kukwana makumi awiri ndi asanu. Vidiyo yonse ndi mphindi zisanu ndi ziwiri. Palibe anawodzera. Amayi Tcheya atawafunsa malamulo mmodzimmodzi, mtsikana wa mazira anayankha onse, mpaka ena a anzake.

Chaka chilichonse maudindo amasankhidwanso, ndipo makiyi onse amaikidwa patebulo. Kiyi woyamba anapita kwa wina, wachiwiri kwa wina. Atafika pa wachitatu, Amayi Tcheya anafunsa maina. Dzanja loyamba kukwera linali la a Mlembi.

"Ndikutchula a Guluu."

"Dzina lina?"

Anthu anayang'anizana. A Njerwa anatsokomola. "Mayi, musatitayitse nthawi. Ndani angapikisane ndi munthu amene anakaniza komiti yonse ali yekha?"

A Mlembi anatola kiyi uja, napatsa a Guluu ndi manja awiri, atawerama pang'ono. Mtsikana wa mazira, amene nambala yake inamukhazika pafupi ndi a Guluu, anasendera n'kunong'ona kuti, "Amayi, tangondigwiritsani pang'ono, ndimve kulemera kwake."

A Guluu anamuyang'ana, nayang'ana chipinda chonse chodzaza anthu pa timipando tawo.

"Gulu lilipo," anatero. "Gwira. Koma ubweze ndikuona."